Mafunso ndi mayankho: ogula akachuluka kapena kuchepa, kampani ya pa msika wa mpikisano weniweni imathera pati?

Mayankho onse ali m'munsimu atsamira pa chitsanzo chimodzi chokhala ndi manambala, kuti aliyense amene ali ndi pepala ndi cholembera athe kuwerengera yekha. Ndalamazi sitizitcha dzina la dziko lililonse, tizingoti 30 kapena 40.

Kodi tikamati msika wa mpikisano weniweni tikutanthauza msika wotani?

Ndi msika umene ogulitsa alipo ambiri ndipo aliyense ndi wochepa kwambiri moti sangasunthe mtengo payekha. Katundu wawo ndi wofanana, kotero wogula alibe chifukwa chokonderera uyu kusiya uyo. Aliyense akudziwa mtengo umene ukuyenda. Ndipo palibe chotsekereza munthu kuyamba bizinesiyo kapena kuisiya.

Mfundo yotsirizayi ndiyo imayendetsa nkhani yonse. Zitatu zoyambazo zimangotiuza kuti kampani imalandira mtengo umene yaupeza pa msika, ndipo chimene imasankha ndi kuchuluka kwa katundu woti ipange. Koma ufulu wolowa ndi kutuluka ndi umene umalamula komwe mtengowo ukakhazikike.

Nanga "nthawi yaitali" ndi zaka zingati?

Siiwerengedwa pa kalendala. Nthawi yaifupi ndi imene kampani ili yomangika: nyumba idachita kale lendi, makina idagula kale, ndipo anthu atsopano sanathe kukonzeka kuti alowe. Nthawi yaitali ndi imene zomangira zonsezi zamasuka, mapangano a lendi atha, makina akale akhoza kugulitsidwa kapena kusiyidwa osabwezeretsedwa, ndipo wofuna kuyamba wapeza mpamba n'kumanga. Pa ntchito yosafuna zida zambiri, nthawiyi ingakwane m'milungu yochepa. Pa ntchito yofuna fakitale yaikulu, zimatenga zaka. Alfred Marshall, katswiri wa zachuma wa ku England, ndiye adakhazikitsa kasiyanitsidwe kameneka mu 1890, ndipo mpaka lero n'kamene timagwiritsa ntchito.

Kodi kampani ikakhazikika m'nthawi yaitali imaoneka bwanji?

Tiyerekeze kampani yopanga katundu wogulitsidwa m'makatoni. Mlungu uliwonse imalipira ndalama zosasintha zokwana 100, ipange kapena isapange. Kuwonjezera apo pali zolipira zimene zimakwera ikamapanga makatoni ambiri. Ngati q ndi chiwerengero cha makatoni pa mlungu, ndalama zonse zopangira ndi izi:

```
TC  = 100 + 10q + q²
MC  = 10 + 2q
ATC = 100/q + 10 + q
```

TC ndi ndalama zonse zopangira. MC ndi ndalama zimene zimawonjezereka kampani ikapanga katoni imodzi ina pamwamba pa amene yapanga kale. ATC ndi avareji, kutanthauza ndalama zonse zopangira titazigawa pa katoni iliyonse.

Avareji imeneyi imayamba ili pamwamba, chifukwa 100 uja amagwera pa makatoni ochepa. Kenako imatsika, n'kudzayambanso kukwera chifukwa makina ndi malo zayamba kupanikizika. Mukayesa makatoni 5 mupeza 35. Pa makatoni 10 ndi 30. Pa makatoni 20 yabwereranso pa 35. Choncho potsikitsitsa ndi pa makatoni 10, pomwe katoni iliyonse imadya 30. Pamalo omwewo MC nayonso ndi 30, ndipo izi sizinangochitika mwangozi: katoni yowonjezera ikakhala yotsika mtengo kuposa avareji imakokera avarejiyo pansi, ikakhala yokwera imaikokera m'mwamba, ndiye ziwirizi ziyenera kukumana pomwe avareji yasiya kutsika.

Tsopano tiike makampani 100 ofanana ndi imeneyi, ndipo ogula akhale kuti amafuna katundu motere, pomwe P ndi mtengo ndipo Q ndi makatoni a msika wonse:

```
Q = 2500 − 50P
```

Pa mtengo wa 30 ogula akufuna makatoni 1000. Makampani 100, iliyonse ikupanga 10, akubweretsa makatoni 1000 omwewo. Kampani iliyonse ikutolera 300 ndipo ikuwononga 300. Palibe wakunja amene akukopeka kuti alowe, palibenso wam'kati amene akufuna kuthawa. Uku ndiye kukhazikika kwa nthawi yaitali, ndipo kumalembedwa mwachidule kuti P = MC = ATC, pa malo otsikitsitsa a ATC.

Ngati phindu ndi ziro, munthu angakhalirenji mu bizinesi yotere?

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amasokonezeka, ndipo n'zomveka, chifukwa ziro wa katswiri wa zachuma si ziro wa wowerengera ndalama za kampani. Wowerengera ndalama amalemba zimene zalipiridwadi: malipiro a antchito, zipangizo, magetsi, lendi. Katswiri wa zachuma amawonjezerapo zimene mwini wake wadzimana posankha bizinesi imeneyi. Akanalembedwa ntchito kwina akanalandira malipiro. Mpamba wake akanauika kwina ukanabala chiongoladzanja. Ngati nyumba ndi yake, akanaibwereketsa n'kumalandira lendi.

M'chitsanzo chathu zonsezi zili kale m'kati mwa 100 uja. Tinene kuti 60 ndi zolipira zenizeni monga lendi, ndipo 40 ndi zimene mwini kampani akanapeza kwina ndi nthawi yake komanso mpamba wake. Ndiye kuti m'mabuku a kampani mukuoneka phindu la 40 mlungu uliwonse, ndipo mwini wake akudya, akulipira zofunika pa moyo wake. Chimene kulibe ndi phindu loposera apo. Akupeza ndendende zimene akanapeza kwina, motero alibe chifukwa chosamukira. M'nkhani ino tikamati phindu tikunena loposerali.

Ogula akachuluka mwadzidzidzi, chimayamba kusintha n'chiyani?

Mtengo. Tinene kuti anthu ayamba kukonda katunduyu ndipo pa mtengo uliwonse akufuna makatoni 1000 owonjezera, kotero Q = 3500 − 50P. Makampani akadali 100 omwe aja, popeza watsopano sangamange fakitale tsiku limodzi.

Kampani iliyonse imapanga mpaka pomwe katoni yotsiriza ikudya ndalama zofanana ndi mtengo wake, kutanthauza P = 10 + 2q. Tikatembenuza, q = (P − 10)/2, ndipo makampani onse 100 pamodzi amabweretsa Q = 50P − 500. Tikafananiza zimenezi ndi zimene ogula akufuna, 50P − 500 = 3500 − 50P, timapeza mtengo wa 40.

Pa mtengo umenewu kampani iliyonse ikweza kapangidwe kuchoka pa makatoni 10 kufika pa 15. Itolera 600. Iwononga 100 + 150 + 225, zomwe ndi 475. Yatsala ndi phindu la 125 pa mlungu, pamwamba pa 40 amene mwini wake amapeza kale.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachiona pamenepa. Kampani yapindula, koma yachoka pa malo ake otsika mtengo. Avareji yake yakwera kuchoka pa 30 kufika pafupifupi 31.7 pa katoni, chifukwa ikufinya makina omwe aja ndi malo omwe aja. Sikuti yalakwitsa ayi, popeza katoni iliyonse yowonjezerayo ikubweza zoposa zimene yadya. Koma zikusonyeza kuti msika wonse ukupanga makatoni 1500 m'njira yodula kuposa mmene zikanakhalira makampani akanakhala ambiri.

Nanga phindu la 125 lija limapita kuti?

Limaitana anthu amene amadzalithetsa. Munthu wakunja amene ali ndi mpamba akuona kuti kuno angapeze 125 kuposa kwina kulikonse, ndipo palibe chomuletsa. Amalowa, ena n'kutsatira.

Tiime kaye pomwe makampani afika 150. Tsopano onse pamodzi akubweretsa Q = 75P − 750. Ogula sanasinthe, akadali pa 3500 − 50P, ndipo mtengo watsika kufika pa 34. Kampani iliyonse yabwerera m'mbuyo pang'ono, ikupanga makatoni 12, ikutolera 408, ikuwononga 364. Phindu latsala 44. Lachepa, komabe likadalipo, ndiye olowa sanasiye.

Amasiya pokhapokha phindu litatheratu, ndipo phindu limatheratu pa mtengo umodzi wokha, wa 30. Pa mtengo umenewo ogula akufuna 3500 − 1500, makatoni 2000. Kampani iliyonse yabwerera pa makatoni 10, choncho pakufunika makampani 200.

Tayerekezani poyambira ndi pothera. Mtengo unali 30, wabwerera pa 30. Kampani inkapanga 10, ikupanganso 10. Phindu linali ziro, labwerera pa ziro. Zimene zasintha ndi ziwiri basi: katundu wa msika wonse wachoka pa 1000 kufika pa 2000, ndipo makampani achoka pa 100 kufika pa 200. Kuchuluka kwa ogula kudagwedeza mtengo kwa kanthawi, koma pomaliza kwalamula chiwerengero cha makampani. Mtengo wa nthawi yaitali waikidwa ndi ndalama zopangira, osati ndi ogula. Ine ndimaona kuti munthu amene wamvetsa ndime ino wamvetsa mutu wonsewu, ndipo amene waloweza zojambula popanda kuimvetsa amagwa pa funso loyamba limene lasinthidwa pang'ono.

Kodi kampani yakale singateteze phindu lake pochepetsa katundu kapena kukana kutsitsa mtengo?

Singathe. Ikachepetsa makatoni ake, msika wa makatoni 1500 sumva n'komwe, ndipo yangotaya ndalama. Ikaumirira pa 40 anzake akugulitsa pa 34, ogula onse amapita kwa anzakewo chifukwa katundu ndi yemweyo.

Zimayenda bwanji ogula akachepa?

Njira ndi yomweyo koma yobwerera, ngakhale ili ndi kona imodzi yofunika kuisamala. Tibwerere pa makampani 100 ndi mtengo wa 30, ndipo ogula achepe kufika pa Q = 1900 − 50P. Tikafananiza ndi 50P − 500, mtengo ukugwera pa 24. Kampani iliyonse ichepetsa kufika pa makatoni 7. Itolera 168, iwononga 100 + 70 + 49, zomwe ndi 219. Ikuluza 51 mlungu uliwonse.

Funso lachibadwa n'lakuti, bwanji osangotseka lero lomwe? Chifukwa ikatseka, 100 uja akadali pakhosi pake: lendi idasainidwa kale, mpamba udamangika kale m'makina. Kutseka ndi kuluza 100, kupitiriza ndi kuluza 51. Ndalama 168 zimene ikutolera zikulipira zosintha zonse, zomwe ndi 119, n'kutsalako 49 wochepetsera mtolo wa zosasintha. Choncho m'nthawi yaifupi kampani imapitiriza malinga ngati mtengo ukukwanira kulipira avareji ya zolipira zosintha, imene imalembedwa kuti AVC. M'chitsanzo chathu kampani ingaimitsiretu makina pokhapokha mtengo utatsika mpaka pa 10 kapena kuchepera apo.

Koma kupirira kumeneku kuli ndi malire. Pangano la lendi likatha, kapena makina akafuna kugula ena, 100 uja sakhalanso womangika. Pamenepo mwini wake amafunsa funso lina, loti mtengo ukulipira zonse kapena ayi. Pa 24 yankho ndi ayi, ndiye ena amatuluka. Aliyense wotuluka amachepetsa katundu pa msika ndipo mtengo umakwera pang'ono, zimene zimapepuza otsala. Izi zimapitirira mpaka mtengo utabwerera pa 30. Pamenepo ogula akufuna makatoni 400 okha, okwanira makampani 40. Makampani 60 atuluka.

Kuimitsa makina kwa kanthawi ndi kutuluka mu bizinesi ndi zisankho ziwiri zosiyana. Choyamba chimayezedwa ndi AVC, chachiwiri ndi ATC. Wozisakaniza amatseka kampani imene ikanapirira, kapena amasunga imene inayenera kutuluka kalekale.

Pa makampani 100 ofanana, amene atuluke ndi ati?

Masamu athu sanena, chifukwa tawapanga onse kukhala ofanana. Amangotiuza kuti atsala 40. M'moyo weniweni amayamba kutuluka ndi amene ndalama zake zopangira ndi zokwera, amene makina ake akalamba, amene pangano lake la lendi latha msanga, kapena amene ali ndi kwina kwabwino kothawira. Wotsirizayu amadabwitsa ena: munthu waluso amene angapeze zambiri kwina akhoza kutuluka msanga kuposa mnzake wopanda kolowera, chifukwa zimene akudzimana pokhalabe ndi zambiri.

Kodi mtengo umabwereradi pomwe unali nthawi zonse?

Ayi, ndipo apa m'pofunika kunena chimene tidabisa m'chitsanzo. Tidayerekeza kuti makampani akachoka pa 100 kufika pa 200, ndalama zopangira za kampani iliyonse sizisintha. Izi zimachitika ngati bizinesiyo ikugwiritsa ntchito gawo lochepa chabe la antchito, zipangizo ndi malo zimene zilipo, moti kukula kwake sikukweza mitengo ya zinthuzo.

Nthawi zambiri sizikhala choncho. Makampani 200 akamalimbirana amisiri ochepa omwewo kapena chipangizo chosowa, malipiro ndi mitengo ya zipangizo zimakwera, ndipo ATC ya aliyense, wakale ndi watsopano yemwe, imakwera. Tinene kuti zosasintha zakwera kuchoka pa 100 kufika pa 144. Potsikitsitsa pa avareji tsopano pali pa makatoni 12, ndipo mtengo wake ndi 144/12 + 10 + 12, womwe ndi 34. Olowa asiya kulowa mtengo ukangotsika kufika pa 34, chifukwa phindu lathera pomwepo. Ogula pa mtengo umenewo akufuna makatoni 1800, okwanira makampani 150. Phindu labwerera pa ziro monga kale, koma mtengo watsalira pamwamba pa 30.

Zosiyana nazo zimathekanso. Bizinesi ikakula, opanga zipangizo zake akhoza kuyamba kupanga zambiri motsika mtengo, amisiri odziwa ntchitoyo n'kuchuluka, ndipo ATC ya aliyense n'kutsika. Apo mtengo wa nthawi yaitali umathera pansi pa 30. Jacob Viner adalongosola mitundu imeneyi mwadongosolo mu 1931. Lamulo limene silisintha m'mitundu yonse itatu ndi lakuti mtengo umakathera potsikitsitsa pa ATC. Funso lotsala ndi loti ATC-yo yasuntha kapena ayi pamene makampani amalowa ndi kutuluka.

Nanga kampani imene ili ndi malo abwino kapena woyang'anira waluso, phindu lake silikhalitsa?

Ndalama zowonjezerazo zimakhalitsa, koma zimasamukira kwa mwini wa chinthu chosowacho. Ngati malo ena amachititsa kuti katundu apangidwe motsika mtengo ndi 50 pa mlungu, makampani ena amakhala okonzeka kulipira lendi yokwera mpaka ndi 50 kuti awatenge. Mwini malo akweza lendi, ndipo phindu la kampani latha. Ngati kampaniyo ndi mwini wa malowo, m'mabuku mwake muoneka 50 wowonjezera, koma ameneyo ndi lendi imene ikudzimana posawabwereketsa, osati phindu la kupanga makatoni. David Ricardo adafotokoza zimenezi mu 1817 pa nkhani ya minda yachonde ndi yosachita bwino, ndipo mfundoyo imagwiranso ntchito pa luso la munthu.

N'chiyani chimasokoneza kayendedwe kameneka m'misika yeniyeni?

Choyamba ndi kulowa mopyola muyeso. Olowa amasankha poona mtengo wa lero, koma katundu wawo amafika pa msika mtsogolo. Ngati anthu ambiri aona 40 nthawi imodzi ndipo aliyense ayamba kumanga osadziwa kuti anzake akumanganso, makampani akhoza kufika 250 m'malo mwa 200. Mtengo ungagwe mpaka pafupifupi 27, onse n'kuyamba kuluza, ngakhale ogula sanachepe ndi mmodzi yemwe. Kenako ena amatuluka, mtengo n'kukweranso. Kukwera ndi kutsika kotereku kumaoneka kwambiri pa ntchito zimene zimatenga nthawi kuchokera posankha kufika pogulitsa, monga ulimi, kuweta ziweto ndi kupanga zombo.

Chachiwiri ndi ndalama zosabwezeka. Ngati kulowa kukufuna makina amene sangagulitsidwenso, munthu wanzeru salowa chifukwa cha phindu la milungu iwiri. Amadikira aone ngati ogulawo abwera kudzakhala. Momwemonso amene ali kale m'kati satuluka msanga, chifukwa akatuluka n'kufuna kubwerera adzalipiranso zolowera. Choncho pamakhala mpata, pamwamba ndi pansi pa 30, pomwe mtengo ungakhale kwa nthawi ndithu popanda wolowa kapena wotuluka. Avinash Dixit adaunika khalidwe limeneli mu 1989.

Chachitatu ndi zotchinga zenizeni: ziphaso zowerengeka, umwini wa luso lotetezedwa ndi lamulo, kapena kukula kwa fakitale kofunika kuti munthu apikisane. Izi zikakhalapo, khomo latsekeka ndipo phindu likhoza kukhala zaka zambiri. Msika wotere sulinso wa mpikisano weniweni, ndipo kuwerengera kwathu sikuugwira.

Ndingadziwe bwanji, pongoyang'ana msika, kuti uli pa gawo liti?

Yang'anani zinthu zitatu pamodzi: mtengo, katundu wa kampani imodzi, ndi chiwerengero cha makampani. Mtengo ukakwera, makampani akale akugwira ntchito usiku ndi usana, koma chiwerengero chawo sichinasinthe, muli pachiyambi pa kuchuluka kwa ogula. Mtengo ukamatsika pamene katundu wa msika wonse akuchulukirabe ndipo mayina atsopano akuoneka, ndiye kuti olowa afika. Izi zimasiyana ndi kuchepa kwa ogula, komwe mtengo ndi katundu zimatsikira limodzi. Ndipo mtengo ukamakwera pamene katundu wa msika wonse akuchepa ndipo mafakitale akutsekedwa, musafulumire kunena kuti ogula abwerera. Kawirikawiri ndi otuluka amene akuukweza.

Ndikapatsidwa funso lotere pa mayeso, ndiyambire pati?

Yambani ndi kampani, osati msika. Pezani potsikitsitsa pa ATC pofananiza MC ndi ATC, ndipo mupeza mtengo wa nthawi yaitali komanso makatoni a kampani imodzi. Ikani mtengowo mu masamu a ogula kuti mupeze katundu wa msika wonse, kenako gawani ndi makatoni a kampani imodzi kuti mupeze chiwerengero cha makampani. Pa funso la nthawi yaifupi njira imatembenuka: chiwerengero cha makampani mwapatsidwa kale ndipo sichisuntha, ndiye chimene mukufunafuna ndi mtengo.

Pojambula, ikani zithunzi ziwiri moyandikana, cha msika ndi cha kampani, mzere wa mtengo udutse pa zonse ziwiri. Cholakwika chimene chimabwera kawirikawiri ndi kusuntha mizere ya MC ndi ATC ya kampani pamene makampani atsopano akulowa. Ngati funso silinanene kuti mitengo ya zipangizo yasintha, mizere imeneyo imakhala pomwe ili. Chimene chimasuntha ndi mzere wa katundu wobwera pa msika wonse, ndipo kampani imangotsetsereka pa MC yake yomweyo, kuchoka pa makatoni 15 kubwerera pa 10.